Mwana wagona maola atatu atalandira midazolamu wa khunyu, kodi ndaonjeza?

"Anesi, ndine mayi wa ku Rosettenville kuno ku Joni. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 6, makilo 20, amagwa khunyu. Adokotala anatipatsa midazolamu woti tizimuthira m'kamwa akagwa nthawi yaitali, analemba 7.5 mg. Lamulungu lapitali ndinamupatsa koyamba, kugwedezeka kunasiya koma anagona maola atatu akuliza mkonono, ine mtima uli m'mwamba kumaona ngati ndamupha ndekha mwana. Bambo ake akuti tisadzamupatsenso. Kodi ndinaonjeza? Nanga ndingadziwe bwanji kuti tuloto tafika poopsa?"

Mayi, khazikani mtima pansi kaye. Munachita zomwe zinafunika kuchitika, ndipo ngati munathira mulingo womwe unalembedwawo simunaonjeze ayi, 7.5 mg ndi mulingo womwe timapereka kwa ana a zaka 5 mpaka 9. Ine ndagwira ntchito mu wodi ya ana zaka zambiri ndithu, ndipo mwana yemwe amandiopsa si uja wagona akupuma bwinobwino, amandiopsa ndi uja wafika pachipatala atagwedezeka mphindi 40 chifukwa kunyumba anaopa kumupatsa mankhwala omwe anali mu kabati momwemo. Nde bambo akewo muwauze modekha kuti mantha awo ndi omveka, kungoti akuopa chinthu cholakwika. Khunyu zambiri zimasiya zokha pasanathe mphindi 2 kapena 3, koma ikadutsa mphindi 5 mwayi woti isiya yokha umayamba kuchepa, komanso ikamapitirira imayamba kuvuta kuiletsa ngakhale ndi mankhwala akuchipatala. Ndi chifukwa chake mulingo umenewu umaperekedwa kunyumba, kuti usadikire mpaka mufike kuchipatala.

Tulo timene munationato tinachokera mbali ziwiri. Khunyu payokha imamutopetsa munthu, ubongo umakhala ngati wathamanga mtunda wautali, moti ngakhale mwana yemwe sanalandire kalikonse amatha kugona ola kapena kupitirira akangotsitsimuka. Pamwamba pa zimenezo mwaonjezera midazolamu, amene ntchito yake yeniyeni ndi kuziziritsa ubongo, ndi a banja limodzi ndi dayazepamu uja ena amapatsidwa wothira kumbuyo. Ziwirizi zikakumana mwana amagonadi tulo tofa nato. Chomwe muyenera kulondera inu si kutalika kwa tulo ayi, ndi kapumidwe. Midazolamu akachuluka m'thupi amachedwetsa kupuma, komanso amafooketsa minofu ya pakhosi moti lilime limagwera kumbuyo nkutseka njira ya mpweya. Sizichitika kawirikawiri pa mulingo woyenera. Ku Kampala ku Uganda anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2008, pa ana 330 omwe ena analandira midazolamu wa m'kamwa ena dayazepamu wa kumbuyo, ana 4 okha ndi omwe kupuma kwao kunavuta. Ndi ochepa, koma alipo, nde tiyenera kudziwa kuwazindikira.

Ndisanafike kumeneko ndiyambe ndi kabotolo, chifukwa pamene anthu amaonjezadi mulingo ndi pamenepa. Kuno ku South Africa mabanja ambiri sapatsidwa masirinji odzazidwa kale aja, amapatsidwa timabotolo tagalasi ta jekeseni tomwe timagwiritsa ntchito mu wodi, nkuuzidwa kuti azikoka ndi sirinji nkuthira m'kamwa. Vuto lake timabotolo timeneti si tofanana mphamvu. Kena kamalembedwa 15 mg/3 ml, kutanthauza kuti mu 1 ml muli 5 mg. Kena kamalembedwa 5 mg/5 ml, mu 1 ml muli 1 mg basi. Maonekedwe ake ndi amodzimodzi, timadzi toyera mbee ngati madzi akumwa. Nde tengani kanu mukayang'ane pompano. Ngati kalembedwa 15 mg/3 ml, 7.5 mg ya mwana wanuyo ndi 1.5 ml, theka la kabotolo, theka linalo ndi lotaya. Mukathira konse ndiye kuti mwamupatsa 15 mg, kawiri mulingo wake, komanso kupitirira 10 mg yomwe ndi malire a mulingo umodzi ngakhale kwa mwana wamkulu wa zaka 15. Kofooka kaja ka 5 mg/5 ml sikayenera m'kamwa, chifukwa kuti mufike 7.5 mg pangafunike 7.5 ml, madzi ochuluka chonchi mwana wokomoka angatsamwe nao. Tsiku lina mukadzapita kukatenga ena nkupeza zolembedwazo zasintha, musachoke pawindo la famase musanafunse kuti "pa kameneka ndikoke mpaka pati?"

Ndikukumbukira bambo wina yemwe anabwera usiku atanyamula mwana wake wamkazi wa zaka 7 ali lobodo. Mayi a mwanayo ndi omwe anaphunzitsidwa, koma tsikulo anali ku ntchito yogonera konko, nde bamboyo atathyola kabotolo anaganiza kuti kabotolo kamodzi ndiye mulingo umodzi, ngati mmene zimakhalira ndi piritsi, nkukoka 3 ml yonse. Mwanayo anachira bwinobwino, tinamuika pa okosijeni nkumulondera mpaka kunacha, koma bamboyo nkhope yake sindimaiiwala. Sanali wosasamala, palibe anamuonetsapo basi. Kuchokera pamenepo ndimauza aliyense kuti atenge sirinji yomwe adzagwiritse ntchitoyo amate kaselotepi kapena alembe mzere ndi cholembera chosafufutika pa 1.5 ml pomwepo, ndipo pa bokosi alembe zilembo zikuluzikulu kuti "THEKA LOKHA, 1.5 ml". Manja akamanjenjemera usiku magetsi atazima simungawerenge timizere tating'ono tija, koma selotepi mudzaiona ngakhale ndi tochi ya pafoni.

Madokotala ena amawerengera potengera makilo osati zaka, nde mukamva mnzanu wa mwana wofanana msinkhu akuti wake analemberedwa 10 mg musadabwe ndipo musasinthe wanu. Za pa pepala la mwana wanu ndi zomwezo. Chomwe muzichita ndi kukumbutsa adokotala pa sikelo iliyonse kuti aonenso mulingo, pakuti mwana akukula.

Kaperekedwe kake nkotere. Akangoyamba kugwa yang'anani nthawi pafoni, musayerekeze ndi mutu, mphindi imodzi ya khunyu kwa kholo imakhala ngati ola. Mugonekeni pansi chammbali, chotsani zomwe angadzipweteke nazo, makamaka hita kapena mbaula nyengo ya Juni ndi Julaye, muike kansalu kopindapinda pansi pa mutu. Osamupanikiza, osamuika supuni kapena chala pakati pa mano, lilime samameza, zimenezo ndi nkhambakamwa chabe ndipo ana ambiri athyoka mano chifukwa cha supuni. Mphindi zoyambirirazo ndi zomwe muzikonzera mankhwala. Gogodani kabotolo pamwamba kuti timadzi titsike, gwirani khosi lake ndi kansalu nkuthyola molozetsa kumbali osati kumaso kwanu, kokani mpaka pa mzere wanu uja, kenako chotsani singano. Ndibwerezenso, chotsani singano. Singano ndi yokokera basi, siyandikira kukamwa kwa mwana.

Zikakwana mphindi 5 akugwedezekabe, kapena nthawi yomwe adokotala analemba ngati ili yosiyana, pukutani thovu ndi malovu akunja kwa milomo, ndipo malovu amenewa sapatsira khunyu musaope kuwakhudza. Kokani tsaya pang'ono ndi chala, lowetsani nsonga ya sirinji pakati pa tsaya ndi usinini wam'munsi, kunja kwa mano. Mano akhale olumana choncho palibe kanthu, simukufuna kutsegula kamwa. Thirani pang'onopang'ono, theka la za mu sirinjimo tsaya ili, theka linalo tsaya linalo, ndipo ngati mbali ina sikufikirika thirani zonse mbali imodzi koma mosathamanga. Cholinga si choti ameze. Mankhwalawa amalowa m'magazi kudzera pa kakhungu kofewa ka m'tsayamo, akamezedwa amakadutsa kaye m'mimba ndi m'chiwindi, amachedwa ndipo ambiri amathera komweko. Kupopera mwamphamvu cha kukhosi nkoopsanso chifukwa angalowe m'mapapo. Mukatha lembani nthawi, olo podzitumizira uthenga pa WhatsApp, bola ikhalepo.

Musayembekezere kuti asiya pompopompo. Zimatenga mphindi 5, nthawi zina mpaka 10, ndipo mphindi zimenezi ndi zomwe makolo ambiri amalakwitsira, amaona ngati sizinagwire kapena amaona timadzi tina tatuluka ndi malovu nkuganiza zoonjezera theka lotsala lija. Ayi. Simungadziwe kuti alowa ochuluka bwanji, nde mulingo wachiwiri superekedwa kunyumba pokhapokha adokotala atachita kulemba pa pepala kuti muzitero komanso pakatha nthawi yakuti. Olo atasanza, osabwereza. Theka lotsalalo litayeni nthawi yomweyo lisakuyeseni.

Za ambulansi, malangizo ambiri amati imbani ngati khunyu sinasiye pakatha mphindi 10 chiperekereni mankhwala, ena amati 5. Ine kwa anthu athu kuno ndimati imbani kapena yambani kusaka galimoto pamene mukuthira mankhwalawo, chifukwa tonse tikudziwa kuti ambulansi imatha kuchedwa, makamaka ngati mumakhala mu rumu ya kuseri kwa nyumba kapena m'mikuku momwe mulibe nambala yooneka. Pafoni ya m'manja ndi 112, kapena 10177. Mmodzi akaime pageti. Khunyu ikasiya mwana nkumapuma bwino mutha kuwauza, palibe angakudzudzuleni. Ndipo ulendo woyamba kugwiritsa ntchito mankhwalawa timafuna mwana aonedwe ndi achipatala ngakhale zitayenda bwino, nde ngati simunapite naye chichitikireni zija, pitani naye sabata ino mukafotokoze mmene zinayendera. Enanu ndikudziwa mumaopa za mapepala. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, nde mwana yemwe akuvutika kupuma musamusunge m'nyumba chifukwa cha pasipoti.

Tsopano kugwedezeka kwasiya, mwana wagona. Apa ndi pamene ntchito yanu yeniyeni yayambira, ndipo mphindi 30 mpaka ola loyamba ndi zofunika kwambiri chifukwa mankhwala amafika pachimake m'magazi pakatha pafupifupi theka la ola. Kutanthauza kuti mwana atha kuoneka bwino pa mphindi 10 nkudzazama kwambiri pa mphindi 25. Nde si nthawi yoti mupite kukatereka madzi a tiyi kapena kukaimbira foni agogo ake ku Mangochi, khalani pambali pake penipeni.

Akhale chogona chammbali, bondo lam'mwamba lopinda kuti asagubuduke, chibwano chokwezeka pang'ono ngati munthu akununkhiza kanthu m'mwamba, kukamwa kolozera pansi kuti malovu azituluka. Pilo wamkulu ayi, amapinda khosi. Muvuleni juzi kapena kwezani malaya kuti chifuwa ndi mimba zizioneka, mufunditseni kuyambira m'chiuno kutsika. Ndikudziwa kuzizira kwa kuno, koma bulangete lofika kumutu limabisa chinthu chokhacho chomwe mukuyenera kuona. Ndipo chinthu china chomwe ife amayi timachita osaganiza nkomwe, kubereka. Mwana yemwe walandira midazolamu musamubereke kumbuyo, olo pothamangira kuchipatala. Khosi lake limakhala lofooka, mutu umagwera kutsogolo kapena chagada, nkhope yakanikizika pamsana panu mwamufunditsanso chitenje, inu simukumuona, mukungomva kulemera nkumati wagona. M'galimoto agone chammbali pampando wakumbuyo mutu uli pamwendo panu, nyali ya m'galimoto yoyaka.

Kuwerenga kapumidwe nkosavuta. Ikani dzanja pamimba pake, kukwera ndi kutsika ndi kamodzi, werengani mphindi yathunthu pa wotchi ya foni, osati masekondi 15 nkuchulukitsa, chifukwa kupuma kwa mwana wotere sikuyenda mofanana. Mwana wa zaka 6 amapuma pafupifupi ka 18 mpaka 25 pa mphindi, akagona zimatsikirako pang'ono. Chomwe ndingakupempheni ndi choti usiku uno akagona tulo take ta masiku onse mumuwerenge, mawanso chimodzimodzi, mulembe pa bokosi la mankhwala lija. Mukadziwa kuti wanu amapuma ka 19 akagona, tsiku la khunyu mukapeza 17 simudzanjenjemera, mukapeza 11 mudzadziwa kuti izi si zake. Kwa msinkhu umenewu kutsika pansi pa 12 ndi poitanira thandizo, ndipo mwana wocheperapo malire ake amakhala okwererapo chifukwa makanda amapuma mofulumira. Werengani mphindi 5 zilizonse mu theka la ola loyamba, kenako mphindi 10 kapena 15 zilizonse mpaka atadzuka nkukuzindikirani.

Nambala yokha siikwanira, muzionanso kuti mpweya ukulowadi. Pali kupuma kwina kosaya moti mimba imangogwedezeka pang'ono, mukaika tsaya lanu pafupi ndi mphuno yake simumva kutentha kwa mpweya. Palinso kuima, wapuma, kenako zii, inu nkumawerenga mumtima mpaka masekondi 10 kapena kupitirira asanakokenso. Zimenezi zikachitika mugwedezeni, muitaneni mokweza, konzani chibwano, ndipo imbani.

Mkonono uja tiukambe bwino chifukwa ndi umene unakuopsani. Mkonono wofewa woyenda mofanana, chifuwa chikukwera bwino, umachitika kwambiri mwana akatsitsimuka ku khunyu, malovu amakhala ambiri ndipo minofu yalefuka. Yesani izi, ikani zala ziwiri pa fupa la chibwano nkukweza pang'ono, mutu upendekere kumbuyo pang'ono. Mkonono ukachepa kapena kusiya ndiye kuti linali lilime, mugwireni choncho kapena mukonzeni kagonedwe. Woipa ndi uja wodukaduka, kulira kenako zii kenako kubanika ngati wina wamugwira pakhosi, pakati pa nthiti ndi pakhosi pamunsi pakulowa mkati akamakoka, chifuwa chikulimbana koma mpweya sukudutsa. Kapena phokoso la madzi pakhosi ngati akuchukucha. Amenewo si a kudikira nao. Ana omwe amaliza mkonono masiku onse chifukwa cha zotupa za pakhosi, ana onenepa kwambiri, a mphumu, ndi omwe ali ndi ulumali wa ubongo wofooketsa minofu ndi omwe zimawachitikira msanga, nde ngati wanu ali m'gulu limeneli adokotala adziwe.

Mabuku ambiri amati muone ngati milomo yasanduka yabuluu. Pa khungu lathu lakudali zimenezo mudzaziona mochedwa. Tembenuzani mlomo wam'munsi muone mkati mwake, muone usinini ndi lilime, ndi tochi yoyera osati kuwala kwa kandulo. Pamayenera kukhala pofiirira. Pakayamba kutuwa ngati phulusa kapena kuderako ndiye kuti mpweya ukuchepa m'magazi. Izinso ziyang'aneni lero ali bwinobwino kuti mudziwe mtundu wake weniweni. Ena anagula kamakina kopanira pachala koyeza mpweya m'magazi kaja nthawi ya korona, ngati muli nako gwiritsani ntchito, kakamakhazikika pansi pa 92 chala chili chofunda ndiye kuti pali vuto, koma musakakhulupirire kuposa maso anu, pa chala chozizira kapena chaching'ono kamanama.

Chinanso ndi kumuyesa ngati akudzutsika. Sindikuti muzimudzutsa kuti akhale tsonga, musiyeni agone, koma pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse muitaneni dzina, mugwedezeni phewa, akapanda kuyankha tsinani mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa mwamphamvu ndithu. Mwana yemwe ali m'tulo tabwino amakwinya nkhope, amabuula, amakankha dzanja lanu, mwina kutsegula maso nkugonanso. Zimenezo ndi zokwanira. Chomwe mukufuna ndi choti nthawi ikamapita azidzutsika mosavuta kuposa poyamba. Pa mphindi 15 anafunika kutsinidwa, pa mphindi 45 akuyankha mukamugwedeza, pakatha ola ndi theka akutembenuka yekha nkung'ung'udza kuti mumusiye, ameneyo akubwerera, olo agone maola atatu. Koma yemwe mukumutsina osakwinya nkomwe, mkono mukaukweza ukungogwa ngati nsanza, kapena poyamba amayankha pano wasiya, kapena ola latha palibe kusintha kulikonse, ameneyo ndi wa kuchipatala changu.

Pali msampha wina apa womwe ngakhale ife timausamala. Nthawi zina mwana sadzuka osati chifukwa mankhwala achuluka koma chifukwa khunyu ikupitirirabe mwakachetechete, kugwedezeka kwakukulu kwasiya koma ubongo sunasiye. Kwezani chikope muone. Maso akakhala atapenyera mbali imodzi osasuntha, kapena akugwedezeka timagwedegwede, chikope chikuphethiraphethira, kona ya mlomo kapena chala chimodzi chikukoka mobwerezabwereza, thupi likuumauma, imeneyo ikhoza kukhala khunyu yomwe sinathe. Wa mankhwala ochuluka amakhala wolobodoka ndi wodekha, wa khunyu yobisika amakhala ndi kenakake kakugwedezeka. Koma kunyumba musataye nthawi kusiyanitsa, onsewa njira yao ndi imodzi, ndipo onsewa musawaonjezere midazolamu. Kuchipatala akamuyezanso shuga, chifukwa shuga wotsika naye amagoneka mwana chimodzimodzi. Thupi likakhala lotentha kwambiri, khosi louma, kapena wabwera kumene kuchokera kumudzi, nenani msanga zoti anali ku Malawi kuti amuyeze malungo, kuno ku Gauteng si chinthu choyamba chomwe amaganizira.

Akasiyiratu kupuma, kapena akungokoka kamodzikamodzi ngati nsomba yovuulidwa, mugonekeni chagada pamalo olimba, kwezani chibwano, tsinani mphuno, phimbani kamwa lake ndi lanu nkuuzira mpaka chifuwa chikwere, kasanu koyamba, kenako kamodzi pa masekondi 2 kapena 3 alionse, foni ili pa sipika kuti a ambulansi azikuuzani chochita, ndipo ngati sakuonetsa moyo uliwonse adzakuuzani muyambe kupsinja pachifuwa. Vuto la midazolamu ndi mpweya, mukamupumira mwamugulira nthawi. Izi kuwerenga sikokwanira, pemphani anesi aku kiliniki akuonetseni pa chidole, inu ndi bambo ake limodzi. Mankhwala othetsa mphamvu ya midazolamu alipo, flumazenilo, koma ndi a kuchipatala kokha ndipo kwa mwana wa khunyu timawapewa chifukwa atha kudzutsa khunyu yovuta kuiletsa, kawirikawiri timangomuthandiza kupuma mpaka mankhwala atachepa okha. Nde zomumwetsa mkaka, khofi, madzi a mchere kapena kumusanzitsa kuti "mankhwala atuluke", ayi ndithu. Asadye kapena kumwa kalikonse mpaka atadzuka bwinobwino, akukhala yekha ndi kuyankhula, ndipo muyambe ndi madzi pang'ono.

Mulingo utha kukhala wolondola koma nkumugoneka mopitirira chifukwa cha zina zomwe wamwa. Mankhwala a chifuwa okhala ndi kodini, mapiritsi kapena manyuchi a chimfine ndi ziwengo ogonetsa aja timagula osalemberedwa, komanso mankhwala ena a khunyu a tsiku ndi tsiku monga fenobabitoni, klobazamu ndi klonazepamu, onsewa amaonjezera tulo pamwamba pa tulo. A khunyuwo musasiye, kungoti mudziwe kuti kulondera kwanu kukhale kwa maso anayi. Ena amachedwetsa chiwindi kuchotsa midazolamu m'thupi moti amakhalitsa ndi kuchuluka, monga elithromaisini ndi klarithromaisini, mankhwala ena a mafangasi ngati ketokonazolo ndi flukonazolo, komanso ma ARV okhala ndi ritonavi. Za ma ARV zi ndimazinena dala chifukwa ana ena amalandira kukiliniki ina, za khunyu kuchipatala china, makadi awiri osaonana, kholo nkumachita manyazi kutchula. Tchulani. Pamene kabamazepini, fenitoini ndi rifampisini wa TB amachita zosiyana, amapangitsa midazolamu kutha msanga m'thupi. Za zitsamba zomwe agogo atumiza pa basi, nazonso zinenedwe, sitikalipa.

Akadzuka musadabwe akamadzandira ngati woledzera, kuyankhula mokoka lilime, kulira popanda chifukwa, kapena osakumbuka chilichonse cha nthawi imeneyo, midazolamu amafufuta kukumbukira kwa maola amenewo. Ana ena ochepa m'malo mogona amalusa, kumenya ndi kukuwa, zimatha zokha koma mudzawauze adokotala. Tsiku limenelo asakwere njinga, masitepe a pa fulati atsike mutamugwira, asasambe m'bafa yekha, ndipo usiku wake agone pafupi nanu. Mkono kapena mwendo umodzi ukakhala wofooka atadzuka, kapena anamenyetsa mutu pogwa, kapena wagwanso kachiwiri tsiku lomwelo, pitani naye. Kuchokera ku Rosettenville kuno chipatala cha South Rand chili pafupi, ndipo zikuluzikulu zoona ana monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Rahima Moosa ku Coronationville ndi Bara ku Soweto zilipo, koma pa vuto la kupuma pitani chomwe chili pafupi, tengani kabotolo kothyoka kaja ndi nthawi zomwe munalemba.

Pomaliza bokosilo. Muikemo timabotolo, masirinji awiri olembedwa kale mzere, singano zokokera, kansalu, ndi pepala la adokotala, likhale pamalo ouma osatentha, osati mufiriji kapena pawindo, patali ndi ana ena komanso alendo chifukwa awa ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo omwe anthu ena amawagwiritsa ntchito molakwika. Muziona deti lothera mphamvu mwezi uliwonse mukamalipira lendi kuti musaiwale. Loweruka likubwerali khalani pansi ndi bambo ake, ndi aliyense yemwe amatsala ndi mwanayo inu mukapita ku ntchito, aliyense akoke madzi a pampopi mpaka pa selotepi, achotse singano, athire m'kapu pang'onopang'ono, kenako aike dzanja pamimba pa mwana awerenge mphindi imodzi. Bambo akewo muwapatse ntchito yogwira foni ndi kuwerenga kapumidwe, muwauze kuti nambala ya usiku uno alembe ndi iwowo.